Galimoto ya ku Japan ikakana kulira pa foni

"Achimwene, ndagula galimoto yoitanitsa ku Japan ndipo wondigulitsa anati imalira pa foni. Ndaika apu yake koma palibe chikuchitika. Kodi vuto ndi foni yanga kapena netiweki yathu ino?"

Achimwene, kalata yanuyi yandikumbutsa chilonda chimene ndinkaganiza kuti chinapola. Foni yanu ilibe mlandu, ndipo musathamangire kugula ina.

Inenso ndinagulapo galimoto yotere, yodzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kudenga, pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, kunali batani lolembedwa SOS, ndipo wogulitsa analiloza n'kunena kuti umenewo ndi umboni woti galimotoyo ndi yanzeru. Ndinawonjezera ndalama chifukwa cha mawu amenewo. Masabata awiri athunthu ndinkakhala m'galimotomo madzulo aliwonse, foni ili m'manja, ndikumasulira Chijapani liwu ndi liwu. Ndinkaiyandikiza foniyo ku chiwongolero poganiza kuti mwina zionana. Apo m'pamene ndinkasochera, chifukwa apu yotereyi siilankhula ndi galimoto mwachindunji ngakhale mutaigoneka pa boneti.

Imene imalankhula ndi galimoto mwachindunji ndi rimoti ya pa kiyi. Iyo imaponya kauthenga ka wailesi kamene kamangofika mamita ochepa, ndipo sifuna netiweki ya wina aliyense. Apu njira yake ndi yozungulira. Mkati mwa dashibodi muli kabokosi kotchedwa telematiki, kamene kwenikweni ndi foni ya galimotoyo: kali ndi simu khadi yakeyake, nthawi zambiri yomatiriridwa moti simungaisolole, komanso mlongoti wake. M'magalimoto a Toyota, makaniko akalumikiza makina oyezera, kabokosika kamaoneka ndi dzina loti DCM. Mukadina batani loliza injini pa apu, uthenga umachoka pa foni yanu kupita ku makompyuta a kampani imene inapanga galimotoyo. Kumeneko amaona kaye ngati akaunti yanu ndi yomangidwa ku nambala ya chesesi ya galimotoyo, komanso ngati mgwirizano wanu sunathe. Akakhutira m'pamene amatumiza lamulo kudzera pa netiweki ya mafoni kukadzutsa kabokosi kaja. N'chifukwa chake ngakhale kumene zinthuzi zimayenda bwino munthu amadikira masekondi angapo injini isanalire.

Kabokosikonso sikaliza injini pakokha. Kamapereka pempholo pa mawaya amene makompyuta a m'galimoto amalankhulirana, amene pa makina oyezera amalembedwa CAN. Kompyuta yoyang'anira zitseko ndi magetsi imafunsa ngati zitseko zili zokiya, ngati boneti ndi yotseka, ndiponso ngati giya ili pa P. Kenaka imobilaiza, kachipangizo kamene kamakaniza injini kulira popanda kiyi yeniyeni, imavomera kuti ulendo uno ilire. Chimodzi chikapanda kukwanira, lamulo limagwa. Injini ikalira imayenda mphindi 10 kapena 15 n'kuzima yokha, ndipo palibe angaichotse pamalopo alibe kiyi. Kenaka yankho limabwerera njira yomweyo mpaka pa foni yanu.

Tsono taganizani za simu khadi ya m'kabokosi ka galimoto imene inakonzedwera msika wa ku Japan. Mgwirizano wake ndi wa netiweki ya ku Japan, ndipo utumiki ngati T-Connect wa Toyota unapangidwira anthu okhala kumeneko. Galimoto itakwera sitima ya pamadzi, unyolo unaduka. Nsanja za TNM ndi Airtel zilipo, koma kabokosiko kalibe chilolezo cholowera. Magalimoto akalepo ali ndi vuto lachiwiri: mabokosi awo amangodziwa 3G, ndipo kampani ya mafoni ya ku Japan ya KDDI inazimitsa 3G yake kumapeto kwa Malichi 2022. Ku America nakonso kampani ya AT&T inazimitsa yake mu Febuluwale 2022, magalimoto ambiri abwinobwino n'kusiya kuyankha apu. Ndiye enawa anali atasiya kale kulankhula asanachoke n'komwe kwawo.

Ine zinandipweteka kwambiri pamene batire inayamba kutha. Ndikaimika galimoto Lachisanu, Lolemba m'mawa inkangoti thi thi thi. Ndinagula batire yatsopano, nayonso chimodzimodzi. Tsiku lina ndinalephera kukatenga mayi anga ku depoti atachokera kumudzi, anakhala pa katundu wawo padzuwa mpaka masana, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Makaniko wina wa zamagetsi, bambo wachikulire wosathamanga, ndi amene anapeza gwero. Anaika mita yake pakati pa batire ndi waya wake, anakiya galimoto, n'kundiuza kuti tidikire mphindi 40 kuti makompyuta onse agone. Galimoto yogona bwino imayenera kukoka mphamvu yosapitirira mamiliampu pafupifupi 50. Yanga inkakoka 300. Anandiwerengera pansi ndi kamtengo: mamiliampu 300 ndi maampu 0.3, ndipo kwa maola 24 zikukwana maampu-ola 7.2 patsiku, pamene batire yanga inali ya maampu-ola 45. Masiku atatu, pafupifupi theka lapita, ndipo yotsalayo siikwanitsa kuzunguza sitata bwinobwino. Anayamba kuzula mafyuzi limodzilimodzi, ndipo atafika pa la kabokosi kaja mita inagwa. Kanali kusakasaka netiweki imene sikadzaipeza, osagona.

Apa ndinene mosabisa. Wogulitsa amene amauza munthu kuti galimoto ya ku Japan imalira pa foni, asanamuonetse ikulira pomwepo pa yadi, akumubera. Ndinkaganiza kuti mwina enawo sadziwa, koma munthu amene wagulitsa magalimoto mazanamazana sangalephere kudziwa kuti palibe ndi imodzi yomwe inalirapo. Komanso luso limeneli linapangidwira malo ngati Hokkaido, kumpoto kwa Japan, ndi Canada, kumene munthu amadzuka n'kupeza galasi lakutidwa ndi chisanu chouma. Ife tagonapo pa mizere ya mafuta, ndipo kuotcha petulo mphindi 10 galimoto itangoima ine sindikuona phindu lake, kupatula mwina kwa anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje mwezi wa Okutobala, pamene mpando umaotcha ngati chiwaya.

Nanga zoikitsa konkuno?

Zilipo. Amakuikirani kabokosi kena kokhala ndi simu khadi ya kuno, ndipo njira yake ndi yomwe ija, kungoti makompyuta ndi a kampani ya kabokosiko. Chondidetsa nkhawa ndi imobilaiza. Kuti injini ilire kiyi palibe, woikayo ayenera kuilambalala, ndipo ena amachita zimenezi pobisa kiyi yanu yachiwiri mkati mwa dashibodi. Wakuba wodziwa zimenezi mwamuchepetsera ntchito. Khomo lililonse lolowera pa mawaya a galimoto kuchokera kutali ndi khomo ndithu: mu 2015 akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa mu Jeep Cherokee kudzera pa netiweki ya mafoni ali kutali, kampani yake n'kuitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti akakonzedwe. Ngati galimoto ndi ya giya ya pamanja, musayese n'komwe, pakuti ikasiyidwa m'giya idzadumpha yokha. Ndipo musadzailize m'garaja yotseka, utsi wake umapha mwakachetechete.

Inuyo chitani izi. Apuyo isiyeni, siidzalumikizana. Onani buku la galimotoyo ngati rimoti ya pa kiyi ingalize injini, poti ena amakhala ndi mwayi umenewo ndipo sufuna netiweki. Batire ikayamba kufooka galimoto itaima masiku awiri kapena atatu, kayezetseni monga ndafotokozera musanagule ina. Makaniko akafuna kuzula fyuzi ya kabokosiko, muuzeni ayese kaye maikolofoni ndi masipika akutsogolo, chifukwa m'magalimoto ena mawaya ake amadzera momwemo, ndipo mutha kupeza kuti amene mukulankhula naye pa foni muli m'galimoto sakukumvani.