Theka lotsika si theka lokwera: yankho kwa mayi wa soya

"Abale, mtengo wa soya kwathu kuno unatsika ndi theka, ndipo tsopano wogula akuti wakwera ndi theka, ndiye kuti wabwerera pakale. Koma ndikawerengera matumba anga ndalama sizikufika pamene ndinagulira. Kodi akundibera pa sikelo, kapena ndine amene ndikulakwitsa masamu?"

Mayi, masamu anu ali bwino, ndipo musalole munthu akunyozeni ngati mmene anandinyozera ine. Ndawerenga uthenga wanu mtima ukundiwawa, chifukwa mawu omwewo akuti "wabwerera pakale" ndi amene anandidyera ndalama zopitirira K500,000 chaka china, ndipo mpaka lero ndikaona thumba la soya ndimakumbukira tsiku limenelo.

Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe, koma kwathu ndi ku Mchinji. Mlamu wanga wina, amene amadzitama kuti amaudziwa msika ngati chikhatho chake, anandinyengerera kuti tigule soya wosunga. Ndinagula matumba 50 a makilogalamu 50 lililonse, kutanthauza makilogalamu 2,500, pa mtengo wa K800 pa kilogalamu, ndipo zonse pamodzi zinakwana K2,000,000. Mwa ndalama zimenezi, K1,400,000 zinali zanga zimene ndinasunga kwa zaka zitatu, pamene K600,000 ndinakongola ku banki mkhonde ya mkazi wanga. Pasanathe miyezi iwiri ogula akuluakulu anachepetsa kugula, ndipo mtengo unagwa kufika pa K400. Katundu amene ndinagula ndi K2,000,000 anali tsopano wa K1,000,000, ngakhale kuti palibe thumba ndi limodzi lomwe limene linasowa.

Ndinapirira, ndinadikira. Patapita miyezi ina itatu mlamu uja anandiimbira lamya akusangalala, nati mtengo wakwera ndi 50 peresenti, ndipo popeza unatsikanso ndi 50 peresenti, ndiye kuti tapulumuka, tigulitse msanga usanatsikenso. Ine kulakwa kwanga kunali kumodzi, ndipo ndikukuvomereza pano pagulu: sindinafunse kuti kilogalamu imodzi ikugulidwa ndalama zingati. Ndinamva "50" uku ndi "50" uko, mtima unakhala pansi, ndipo ndinamuuza kuti agwirizane ndi wogula. Usiku womwewo ndinauza mkazi wanga kuti akalonjeze amayi a banki mkhonde kuti Loweruka ndalama zawo zonse zibwera, ndinauzanso mwana wanga wa Fomu 3 kuti fizi yake yapezeka.

Loweruka limenelo ndinakwera minibasi m'mamawa kupita ku Kamwendo. Ndinapeza lole itaima kale, anyamata akunyamula matumba, sikelo itapachikidwa pa mtengo, ndipo mlamu wanga anali atalandira kale ndalama za chikole kwa wogula. Ndinaima padzuwa ndikuwerenga matumba limodzilimodzi, fumbi la soya likundilowa m'maso, ndipo atamaliza kuyeza, wogula anatulutsa kakyuleta nandionetsa nambala yakuti 1,464,000. Ndinaganiza kuti wadina molakwika. Ndinamuuza kuti abwerezenso, ndipo anabwereza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana: makilogalamu 2,440 kuchulukitsa ndi K600. Pamenepo ndi pamene ndinamva koyamba kuti mtengo ndi K600, osati K800. Miyendo inazizira, pakamwa panauma, ndipo ndinakhala pansi pa thumba lomwe silinalinso langa. Chimene chinandipweteka koposa si ndalama ayi, koma kuti mlamu uja anaseka pamaso pa anthu onse nati, "Alamu, inu ophunzira, 50 kuchotsa 50 si ziro kodi?" Anyamata onyamula katundu anaseka nawo. Munthu ameneyu anali ndi gawo lake pa thumba lililonse logulitsidwa, choncho kwa iye mtengo uliwonse unali wabwino bola katundu achoke, ndipo mpaka lero sanapepesepo. Pamaliro timakhala mphasa imodzi, koma za malonda ndinasiya kulankhula naye.

Ndili m'minibasi pobwerera ndinalemba manambala kuseri kwa lisiti, ndipo apa ndi pamene ndinaona pamene pagona nkhani. Mawu akuti theka saima paokha, nthawi zonse amakhala theka la chinachake. Pamene mtengo unkatsika, theka lija linali la K800, choncho anachotsa K400, ndipo panatsala K400. Pamene unkakwera, theka lija silinalinso la K800 koma la mtengo watsopano wa K400, choncho anawonjezera K200 yokha, ndipo tinafika pa K600. Chochotsedwa chinali K400, chobwezedwa chinali K200, ndipo onse awiri akutchedwa ndi dzina limodzi lakuti theka. Munthu akakulandani theka la thumba lodzaza, kenaka nkukubwezerani theka la zimene zatsala m'thumbamo, thumbalo silidzazanso, limangofika pa magawo atatu mwa magawo anayi.

Zimenezi sizidalira kuti mtengo woyamba unali wotani. Kutsika ndi theka ndi kuchulukitsa ndi 0.5, ndipo kukwera ndi theka ndi kuchulukitsa ndi 1.5, kotero 0.5 × 1.5 = 0.75. Ikani mtengo wanu uliwonse, mudzapeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lasowa. Ngati munagula pa K1,000 muli pa K750, ndipo ngati munagula pa K1,200 muli pa K900. Kwa ine gawo losowalo linali K500,000, popeza makilogalamu 2,500 pa K600 ndi K1,500,000. K36,000 inayo inapita ndi makilogalamu 60 amene anachepa chifukwa soya anapitiriza kuuma m'nyumba ndipo wina anatayikira pansi. Choncho inunso muone kaye ngati kupereweraku kukufanana ndi gawo limodzi mwa anayi a ndalama zimene munagulira. Ngati kukufanana, sikelo ilibe mlandu, vuto lili pa mawu a wogulayo. Ngati kukupitirira pamenepo ndi ndalama zambiri, pamenepo ndiye mukayezetse thumba limodzi pa sikelo ina musanalole kuti akweze katundu m'galimoto.

Kuti mtengo umene watsika ndi theka ubwerere pamene unali, uyenera kuwirikiza kawiri, kutanthauza kukwera ndi 100 peresenti, chifukwa kuchokera pa K400 kufika pa K800 pamafunika K400 ina yathunthu. Kukwera ndi theka kumangokwanitsa kubweza kutsika kwa gawo limodzi mwa atatu: K900 ikatsika kufika pa K600, ndiye kuti kuwonjezera theka la K600 kumatibwezeradi pa K900. Ife a ku Malawi zimenezi tinaziona ndi maso mu Meyi 2012, pamene boma la mayi Joyce Banda linachepetsa mphamvu ya kwacha, ndipo dola imodzi inachoka pa ndalama za pafupifupi K168 kufika pa K250. Ena ankanena kuti ndi pafupifupi theka, ena ankati ndi gawo limodzi mwa atatu, ndipo onse ankanena zoona, kungoti oyambawo ankawerengera mmene dola yakwerera kuchokera pa K168, pamene enawo ankawerengera mphamvu imene kwacha yataya. Chochitika ndi chimodzi, koma poyambira kuwerenga ndi posiyana.

Wina pansipa ndaona walemba kuti vuto ndi lakuti kutsika kunayamba, kuti kukwera kukanayamba zinthu zikanakhala bwino. Bambo amenewo ayesere okha: K800 ikakwera ndi theka imakhala K1,200, ndipo K1,200 ikatsika ndi theka imakhala K600 yomweyo. Palibe kusiyana, chifukwa njira zonse ziwiri theka lotsikalo limatengedwa pa nambala yaikulu, pamene theka lokweralo limatengedwa pa nambala yaing'ono. Ndipo zikachitika kawiri motsatizana zinthu zimaipiratu, chifukwa K600 imatsika kufika pa K300 nkukwera kufika pa K450, kotero munthu amene akuuzidwa kuti sanataye kanthu watsala pang'ono kutaya theka la mpamba wake.

Kuti ndisamunamizire wogula wanuyo, pali njira imodzi yokha imene mawu ake angakhalire oona. Ngati akutanthauza kuti mtengo wakwera ndi theka la mtengo woyamba uja, ndiye kuti wabwereradi pakale, koma zikatero ndalama zanu zikanakwana, ndipo simukanalemba uthenga pano. Mufunseni funso limodzi lokha, kuti kilogalamu imodzi akugula ndalama zingati lero, ndipo ayankhe m'makwacha, osati m'maperesenti. Nambala imeneyo muiike pambali pa nambala imene munagulira, muchulukitse ndi makilogalamu anu, ndipo muonjezere pa mtengo wogulirawo ndalama za matumba, zonyamulira ndi lendi ya posungira, chifukwa ngakhale mtengo utafika pa umene munagulira, zimenezi zimakhala zisanabwezedwe.

Ngati muli ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha pamwezi monga mmene ndinalili ine, musadikire kuti mtengo uwirikize kawiri, chifukwa zimenezo sizichitika kawirikawiri m'nyengo imodzi, ndipo chiwongoladzanja sichidikira msika. Ku banki mkhonde ndinabweza K900,000 pa K600,000 ija, ndipo pa K1,400,000 yanga ndinatsala ndi K564,000 yokha. Gulitsani matumba okwanira kutseka ngongoleyo lero lomwe, ngakhale pa mtengo wotayitsawu. Komabe otsalawo musawataye chifukwa cha mantha kapena chifukwa chakuti lole yaima pakhomo, popeza ine nditagulitsa onse tsiku limodzi, mtengo unakwerabe pang'ono m'miyezi yotsatira, ndipo mnzanga amene anasunga matumba ake khumi anapezako bwino kuposa ine. Ndiponso musamachite malonda ndi achibale, ngakhale ndiyenera kuvomereza kuti chaka chino matumba anga makumi awiri akusungidwa kwa mchemwali wanga ku Mchinji komweko, ndipo iye amanditumizira mtengo wa kilogalamu Lachisanu lililonse, wolembedwa m'makwacha.