Kompyuta ikangolira pii pii koma skirini ili bii

"Achimwene, ndili ndi desikitopu ya HP Compaq yakalekale, ndasamuka nayo pa kabaza kuchoka ku Chibavi kupita ku Luwinga. Pano ndikayatsa ikungolira pii kasanu, kagetsi kofiira kakuphethira, pa skirini palibe kanthu. Ndigule monita ina?"

Ayi achemwali, ndalamayo isungeni kaye, monita ikhoza kukhala ilibe mlandu.

Mukadina batani loyatsira, Windows isanayambe n'komwe, pali kapulogalamu ka pa mazabodi, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta lija, kotchedwa BIOS kamene kamayamba kuyendera purosesa, ramu yomwe ndi memore ya kompyuta, ndi mbali yotulutsa zithunzi, ndiye kakapeza vuto zithunzi zisanadzuke kalibe polemba, kamangokuwa kudzera pa kasipika kam'katimo. Kulirako ndi uthenga basi.

Koma apa ndi pomwe anthu amasokonekera, makampani sanagwirizane chinenero. Pa ma HP Compaq akale a muofesi aja, kasanu pamodzi ndi getsi lofiira ndi ramu, kasanu ndi kamodzi ndi zithunzi, kawiri ndiye purosesa yatentha. Kasanu komweko pa ma Dell Inspiron ambiri ndi kabatire ka CR2032, kooneka ngati ndalama yachitsulo kaja, pomwe pa BIOS yakale ya kampani ya AMI ndi purosesa. Ndiye osangomva za mnzanu kuti yanga inkateronso. Jambulani kulirako pa foni, werengani mpaka pomwe ikupumira n'kuyambiranso, mvetserani ngati kuli kwakutali kapena kwakufupi, kenako fufuzani ndi nambala ya modelo yanu yeniyeniyo.

Yanuyo ine ndikuti ramu yasuntha ndi mabampu. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu nachonso sichigwirizana ndi timano ta ramu, fumbi likanyowa limamatirira ngati phala.

Zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15, tsegulani, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze kalikonse. Ramu ndi kabolodi kakatali koimikidwa mu siloti pa mazabodi, kankhirani kunja timakilipu ta m'mbali mwake, idzuka yokha. Igwireni m'mphepete, timano tagolide tija mutipukute pang'onopang'ono ndi labala wofufutira pensulo, tinyenyeswa tonse tichoke. Osati sandipepa chonde, ndinaonapo wina atapala mpaka golide yense kutha! Pobwezera onani kampata kamene kali pa timanoto kalunjike pa kamzere ka mu siloti, dinikizani mbali zonse ziwiri mpaka makilipu atseke okha kuti khwa. Ambiri amaopa kudinikiza, n'kuisiya theka.

Ngati ma ramu ali awiri ikani imodzi yokha muyatse. Yayaka? Zimitsani, zulaninso chingwe, muyese inayo mu siloti yomweyo. Ikalira ndi yachiwiriyo ndiye yakufa ndi imeneyo, mupite nayo mtauni pogula ina chifukwa ramu ili ndi mitundu, DDR2 ndi DDR3 sizilowa siloti imodzi. Zonse zikamalira mu siloti imodzi koma n'kuyaka mu ina, yawonongeka ndi siloti, ingoisiyani mugwiritse ntchito inayo. Koma zikalira paliponse, bwerekani ramu yamtundu womwewo imene mukudziwa kuti ikugwira, nayonso ikalira kasanu ndiye nkhani yafika pa mazabodi, apa pokha mupite nayo kwa okonza.