Shuga akukwera ndikathamanga, kenako 10 koloko ndimanjenjemera

"Mayi anga amadwala matenda a shuga. Ine ndili ndi zaka 41, kuchipatala anandiyeza m'mawa ndisanadye n'kupeza 6.3, akuti ndili m'malire. Ndinayamba kuthamanga m'mamawa. Chondidabwitsa n'choti ndikayeza ndi kamakina ka mayi nditangothamanga kumene ndimapeza 8 kapena kuposa. Kenako cha m'ma 10 koloko ku ofesi ndimanjenjemera mpaka nditamwa chakumwa chotsekemera. Kodi ndisiye kuthamangaku?"

Achimwene, musasiye. Koma botolo la 10 kolokolo ndi limene ndikufuna tikambirane, chifukwa ndikukayikira kuti vuto lagona pamenepo, osati pa msewu umene mumathamangawo.

Tiyambe ndi 8 uja. Munthu akathamanga mwamphamvu, mpaka kumapuma wefuwefu osatha kuyankhula, thupi limatulutsa adirenalini, timadzi timene timakonzekeretsa thupi ntchito yamphamvu, ndipo adirenaliniyo amauza chiwindi kuti chitsanulire m'magazi shuga amene chinasunga. Chimatsanula wochuluka kuposa amene minofu ikuwotcha panthawiyo. Komanso m'bandakucha chiwindi chimakhala chayamba kale kutulutsa shuga pokonzekera kuti mudzuke. Ndiye mukabaya chala thukuta lisanaume, mukuyeza pa nthawi imene shuga ali pamwamba. Mawa mudzayeze musanatuluke, kenako patapita ola limodzi kapena awiri mutamaliza, musanadye kanthu, mudzaone ngati sakhala atabwerera pansi. Phindu lenileni la kuthamanga silioneka pa mphindi imeneyo. Minofu yogwira ntchito imamva bwino insulini, timadzi timene timalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu, kwa tsiku lathunthu kapena awiri, n'chifukwa chake amati musadumphe masiku opitirira awiri otsatizana. Mphindi 150 pa sabata, mwachitsanzo 30 kwa masiku asanu, n'zokwanira.

Tsopano kunjenjemera. Simunanene chimene mumadya mukabwerako, koma ndilote: tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi mandasi awiri, kapena buledi woyera. Ngati ndalondola, chimene chikuchitika mwina ndi ichi. Chakudya chotere chimalowa m'magazi mofulumira, shuga n'kukwera ngati wakwera pa makwerero. Kwa munthu amene ali m'malire, kapamba amachedwa kuyankha, ndipo akayankha amatulutsa insulini wambiri mochedwa. Pakatha maola awiri, atatu kapena anayi, shuga amatsika mwaliwiro, manja n'kuyamba kunjenjemera, thukuta, njala yoopsa. Mukamwa botolo la mamililita 300, mwamwa pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 8 a shuga, ndiye mwayambitsanso ulendo womwewo nkhomaliro isanafike.

Koma musangokhulupirira kulota kwangaku. Tengani kamakinako kuntchito kwa masiku angapo, ngati mayi angalole, koma singano yobayira ikhale yatsopano, musamabwerekane. Kunjenjemera kukayamba, sambani m'manja n'kupukuta bwino, chifukwa chala chimene chagwira nthochi kapena switi chimanamiza makina, kenako yezani. Kamakina kakaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, shuga watsikadi: sungunulani masipuni ang'onoang'ono anayi a shuga m'madzi, kapena imwani theka la botolo lija, theka basi, dikirani mphindi 15 n'kuyezanso. Koma kakaonetsa 5 kapena 6, shuga sanatsike, ndipo botololo silikuchiza chilichonse. Ikhoza kukhala njala wamba, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena khofi. Makina ena amaonetsa manambala aakulu a mg/dL. Ingogawani ndi 18, kotero 70 ndi 3.9, ndipo 126 ndi 7.0.

Dziwaninso kuti munthu amene sakumwa mankhwala a shuga, shuga wake satsika wamba mpaka kufika poopsa chifukwa chothamanga theka la ola. Amene amafunika kuyenda ndi switi m'thumba ndi amene amabaya insulini kapena kumwa gilibenikilamaidi. Ngati mayi ali pa mankhwala amenewa ndipo mukufuna muziyenda nawo, iwowo ndiye atenge switi. Metifomini payekha satsitsa shuga moteromo. Chimene chingakugwetseni inuyo ndi mowa: mukamwa kwambiri usiku osadya, chiwindi chimatanganidwa ndi mowawo n'kulephera kutulutsa shuga, ndiye m'mawa n'kupita kothamanga m'mimba mulibe kanthu.

Yesani izi kwa sabata ziwiri. Mukabwera kothamanga, imwani madzi kaye. Kadzutsa akhale ndi chinthu chochedwetsa: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika yapakatikati ndi dzira, kapena mtedza wodzaza dzanja ndi nthochi imodzi. Shuga wa mu tiyi muzimuchepetsa pang'onopang'ono, sipuni imodzi sabata iliyonse, lilime limazolowera. Masana nsima ya mgaiwa mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndiwo zamasamba ndi nyemba kapena usipa zichuluke. Mgaiwa si mankhwala, paja, mukadya phiri lathunthu shuga akwerabe. Thobwa nalonso anthu amaliona ngati madzi, pomwe ndi ufa ndi shuga.

Chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'champhamvu koma anthu amachipeputsa ndi kuyenda ndawala mphindi 10 kapena 15 mutangomaliza kudya, makamaka madzulo. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini atakhala waulesi. Ndinadziyesa ndekha ndi mbale imodzimodzi ya nsima ndi nyemba masiku awiri: tsiku limene ndinakhala pa mpando n'kumaonera mpira, patatha maola awiri kamakina kanaonetsa 8.4, ndipo limene ndinazungulira mpaka pa msika n'kubwerera kanaonetsa 6.9. Ndi thupi langa limenelo, lanu lipereka manambala ake. Ngati muli ndi kamimba, kuchepetsa thupi ndi 5 mpaka 7 peresenti n'kokwanira kusintha zinthu. Kwa munthu wa makilo 90 amenewo ndi makilo 5 kapena 6. Kafukufuku wamkulu wa ku Amereka amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anapeza kuti anthu a m'malire amene anachita zimenezi pamodzi ndi mphindi 150 zija anachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti.

Za kuchipatala. Kamakina ka kunyumba sikagamula kuti munthu akudwala, koma mukayeza m'mawa mutakhala maola 8 osadya n'kupeza 7.0 kapena kuposa kawiri, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse, pitani sabata yomweyo. Chimodzimodzi mukayamba kumva ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukakodza, kuwonda musakufuna, kuona mwachimbuuzi, dzanzi kumapazi kapena bala losapola. Ngati kunjenjemera kuja kukugwirizanadi ndi nambala yosafika 3.9, ndipo zikubwerezabwereza ngakhale mutasintha kadzutsa, akakuoneni, chifukwa pangakhale chifukwa china. Lembani m'kope nthawi, chimene munadya ndi nambala, mupite nalo limodzi ndi buku lanu lachipatala. Funsani ngati angakuyezeni HbA1c, imene imaonetsa m'mene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu: 6.5 peresenti kupita m'mwamba ndi matenda a shuga. Akuyezeninso BP, chifukwa awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Ngakhale zonse zitakhala bwino, ndi 6.3 wanuyo muziyezetsa kamodzi pa chaka.

Koma mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa muli kothamanga, kubanika kosiyana ndi kwa masiku onse, kapena mukakomoka, zimenezo si zodikira sabata. Imani pomwepo, pezani wokuperekezani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musathamangenso mpaka adokotala atakuuzani.