Ndalama za puloti ija, kubanki kapena masheya?

Funso la Chifundo: Asuweni, banki akuti chiwongoladzanja 15 peresenti, masheya dividendi 4 yokha. Nanga si banki yapambana pamenepa?

Eee Chifu, ndamva. Iwe sukufunsa za banki, ukufuna ndikuvomereze kuti ndalama za puloti ija uzitsekere kufikisidi, akaunti yosatapa mpaka nthawi yomwe mwagwirizana itakwana, amayi ako asazione. Ndimakudziwa.

Ukukumbuka amalume aku Ntcheu atalandira za penshoni? Anaika miliyoni imodzi kufikisidi, mawerengero awo anali ngati akowa, tingoti 15 yomweyo. Anachita kulemba kuseri kwa kalendala ya tchalitchi, K150,000, malata anali atawerengera kale, mpaka kalipentala anamuuza tsiku. Chaka chitatha akapeza K120,000. Anavala jekete ija ya ukwati wa achemwali, ayi, ya maliro ija, yabulauni, nakakhala pampando wa m'banki kuyambira m'mawa, akuti saimirira mpaka mtsikana wapakauntala abweze K30,000 yomwe waba. Mwana wa eni akulozera pepala, bambo, uwu ndi msonkho, wapita ku MRA. Iwo amvekere, MRA inasunga nawo liti ndalama zanga? Anabwerako madzulo osadya, nkhani yake mpaka lero sitiitchula pamaso pawo.

Ndiye, mmm, ndimati chiyani... eya. Chiwongoladzanja amadula 20 pa 100 iliyonse usanachigwire n'komwe, ndiye 15 yakoyo kwenikweni ndi 12. Dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, amadula 10 yokha: pa miliyoni, K40,000 ija utsala ndi K36,000. Yochepabe, inde, usandidule. Koma phindu lalikulu la sheya silikhala mu dividendi, limakhala pa kukwera kwa mtengo wake, ndipo pamenepo palibe chodula chaka ndi chaka. Nkhani ya msonkho imadzabwera tsiku logulitsa basi. Ukasunga zaka zisanu, ndalama yonse ikugwirabe ntchito, pomwe ya kubanki akuibudula chaka chilichonse.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti chiwongoladzanja amachidula ngakhale sunapindule. Zinthu zikakwera ndi 25 pa 100, iwe wapeza 15, waluza kale, koma 20 yawo atengabe. Amalume malata aja anakawapeza atakwera, paja Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anangogula theka.

Choncho usayerekeze 15 ndi 4, yerekeza zotsala m'manja akadula. 12 uku, uko 3.6 kuphatikiza kukwera kwa sheya, kumenenso kutha kukhala kutsika, ndisakunamize. Ngati ndalamayo ndi ya fizi ya Januwale, isiye kubanki, sheya ikhoza kugwa mwezi womwe ukuifuna.

Wamva? Zotsala akadula, osati zolembedwa pachikwangwani. Werengera za m'thumba, iwe. Ndipo amayi ako akudziwa kale kuti puloti inagulitsidwa, anandiimbira Lachiwiri.