Chichewa chikakana kukwana m'bokosi la Chizungu

"Bambo, ndimagwira ntchito ku kabungwe kena ku Kawale. Andipatsa chithunzi cha uthenga wa kolera chotumiza pa WhatsApp, cha mapikiselo 1080 mbali zonse, chokhala ndi mutu pamwamba ndi mabokosi anayi ondondozana pansi pake. Akufuna chikhale cha Chichewa koma maonekedwe asasinthe. Ndamasulira, koma mawu akusefukira, ndipo ndikachepetsa zilembo sizikuwerengeka. Ndipange bwanji?"

Mayi, zikomo pondilembera, komanso ponditumizira chithunzicho pamodzi ndi zomwe mwamasulira. Pempho langa loyamba ndi loti musiye kaye kukhudza kukula kwa zilembo. Zibwezereni pa mapikiselo 36 pomwe anaika mwini chithunzi, muzimitse kompyuta, mutenge pepala ndi cholembera. Ntchito yaikulu ili m'Chichewa chenichenicho, ndipo ambirife timathamangira kufinya zilembo chiganizo chisanapse.

Tiyambe ndi kuyeza malo. Mabokosi anu ndi a mapikiselo 240 m'lifupi, ndipo m'mbali mwa mawu anasiyamo mpata wa 20 uku ndi uku. Ndiye kuti mawu ali ndi malo a 200 okha. Fonti ya chithunzicho ndi Roboto, ndipo mu fonti ngati imeneyi chilembo chimodzi chimadya pafupifupi theka la kukula kwake, kapena kupitirira pang'ono. Pa 36, tinene kuti 19. Mukagawa 200 ndi 19 mupeza kuti mzere umodzi ukunyamula zilembo 10, ndipo pansi pa kachithunzi ka m'bokosi lililonse pali malo a mizere inayi.

Nambala ya 10 imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikukuvutitsani. Chizungu chimamwaza ganizo m'timawu ting'onoting'ono tomwe timatha kudumphira mzere wina mosavuta. Ife timamanga wochita, nthawi ndi mchitidwe wake m'liwu limodzi, ndiye liwulo limabwera lathunthu ngati mtolo wa nkhuni. Pakhomo pakachepa, mtolowo sulowa ngakhale m'nyumbamo muli malo. Choncho musamangowerenga zilembo za chiganizo chonse. Muziyamba mwafufuza liwu lalitali kuposa onse m'bokosi lililonse.

Mutu ndiye wosavuta. Pa Chizungu palembedwa "Protect your family from cholera", zilembo 32 kuwerengera ndi mipata yomwe. Inu mwalemba kuti "Tetezani banja lanu ku matenda a kolera", zomwe ndi 39. Palibe munthu ku Mtandire kapena ku Kauma amene sadziwa kuti kolera ndi matenda, makamaka pambuyo pa mliri wa 2022 ndi 2023 uja. Chotsani "matenda a", mutsale ndi "Tetezani banja lanu ku kolera", zilembo 29, zochepera ngakhale za Chizungu zija.

Bokosi la madzi ndi limene ndakhalapo nthawi. Chizungu chake ndi "Drink only boiled or treated water". Kumasulira kwanu ndi kolondola: "Muzimwa madzi okhawo amene awiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala." Koma ndi zilembo 66 pomwe panali 34, ndipo "awiritsidwa" payekha ndi 11, sangakwane pamzere. Tsono tamverani momwe mayi amauzira mwana wake pakhomo. Sanena kuti madzi amene awiritsidwa, amati madzi owiritsa. Sanena kuti amene athiridwa mankhwala, amati othira mankhwala. Kutalika kuja kunabwera chifukwa munatsatira kamangidwe ka chiganizo cha Chizungu. Mukachilankhula monga timalankhulira chimakhala "Muzimwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala", zilembo 46, ndipo liwu lalitali ndi "mankhwala", 9 basi.

Pano pali chiyeso chimene ndikufuna muchikane. Wina adzakuuzani kuti mungolemba "Muzimwa madzi owiritsa" ndipo zikwana bwino lomwe. Zikwanadi, koma mwachotsa theka la uthenga. Banja limene lilibe ndalama ya makala owiritsira madzi a nyumba yonse, njira yake ndi ya mankhwala ija. Mawu amene mungadule ndi amene wowerenga angawabwezeretse yekha m'mutu mwake, monga "matenda a". Langizo, nambala ya foni, tsiku, muyeso wa mankhwala, izi sizidulidwa pofuna malo. Zikakanika, mubwerere kwa amene anakupatsani ntchito mukapemphe malo.

Onaninso kaphatikizo ka "zi" mu "muzimwa". Kamanena za chinthu chochita masiku onse, ndiye kamakupulumutsirani mawu awiri athunthu. M'bokosi la chimbudzi mwalemba "Gwiritsani ntchito chimbudzi nthawi zonse", zilembo 41. "Muzigwiritsa ntchito chimbudzi" ndi 30, tanthauzo lomwelo. Chokhacho musayerekeze kuchotsa "ntchito". Ndinaonapo chikwangwani cholembedwa "Gwiritsani chimbudzi", ndipo chimenecho si Chichewa, ndi mawu odulidwa mwendo kuti akwane pabedi. M'bokosi la chipatala, "pitani kuchipatala mwamsanga" ali ndi mnzake wachidule amene tonse timanena: "thamangirani kuchipatala". Liwiro lili kale m'mneni. Mawu a m'bokosi lotsalalo musawakhudze, "Sambani m'manja ndi sopo" ndi lalifupi kale kuposa Chizungu chake.

Tsopano yatsani kompyuta ija. Tatsala ndi mawu atatu opyola 10: "Muzigwiritsa" ndi "thamangirani" a zilembo 12, ndi "kuchipatala" wa 11. "Mukatsegula" wa m'bokosi la chipatala nayenso ndi 11, ndiye tinene anayi. Choyamba chepetsani mpata wa m'mbali kuchoka pa 20 kufika pa 12. Bokosi silinasunthe, mtundu wake sunasinthe, abwana anu sadzazindikira n'komwe, koma malo a mawu akwera kufika pa 216. Chachiwiri sinthani fonti ya m'mabokosi kukhala Roboto Condensed. Ndi ya banja lomwelo, anaijambula dala kuti ikhale yowonda, ndipo pa 36 chilembo chimadya pafupifupi 16. Mzere tsopano ukunyamula zilembo 13, utali wa zilembo uli pomwe unali. Mabokosi awiri ovuta aja akhala motere:

Muzimwa madzi
owiritsa
kapena othira
mankhwala

Mukatsegula
m'mimba
thamangirani
kuchipatala

Mizere inayi inayi. Mzere wa "Muzimwa madzi" muuyang'anitsitse, chifukwa m ndi w ndi zilembo zonenepa ndipo Chichewa chadzaza nazo. Ukagunda m'mphepete, bweretsani zilembo pafupi pang'ono. Mu InDesign kapena Illustrator ndi pa Tracking, muikepo -10, musapyole -20. Mu Canva ndi pa Letter spacing. Mukapitirira pamenepo, r ndi n zimayamba kuoneka ngati m. Fonti yowondayo muiike m'mabokosi onse anayi, ngakhale la sopo lomwe silikuvuta, kuti lina lisaoneke ngati mlendo.

Chimene sindifuna kuona ndi kugwira bokosi la mawu pakona n'kulikankha kuti zilembo ziphwatalale kapena ziwonde. Mukazipanikiza kuti ziwonde, mizere yoimirira ya chilembo imaonda, yopingasa n'kuoneka yonenepa, ndipo o amasanduka dzira. Zikwangwani zotere zadzaza mu Old Town, ndipo diso limatopa nazo lisanamalize liwu. Zilembo zazikuluzikulu zokhazokha nazonso muzipewe m'mabokosi, zimadya malo ambiri kuposa zazing'ono.

Za kudula liwu pakati. Pachithunzi cha mawu ochepa chonchi ndi bwino osadula n'komwe, ndipo mu InDesign muchotse chizindikiro pa Hyphenate, chifukwa pulogalamuyo imadula motsata malamulo a Chizungu. Ikhoza kukupatsani "man-khwala" kapena "chim-budzi". Maphatikizo athu amathera pa a, e, i, o, u, ndiye ngati mwakakamizika, dulani pamanja motere: ma-nkhwa-la, chi-mbu-dzi, ku-chi-pa-ta-la. Magulu monga nkh, mph, nth, tch ndi ng' salekanitsidwa, ndipo m' wa "m'manja" asatsale yekha kumapeto kwa mzere.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine, kuti muziyang'ana bokosi lililonse musanatumize. Chaka china ndinamasulira positala ya bungwe lina kuno ku Lilongwe, ndikuthamangira kuti osindikiza asatseke. Mu InDesign, mawu akachuluka sasefukira kunja, amangobisala, ndipo pakona ya m'munsi kumanja kwa bokosi pamabwera kachizindikiro kofiira ka +. Sindinakaone. Mapepala atabwera m'makatoni, bokosi lina linathera pa "Musamamwe madzi", mzere wonena madzi ake utamezedwa. Ndinaima pamenepo pepala lili m'manja, thukuta likutsika, ndikuganiza za agogo amene akanawerenga zimenezo pachipatala. Tinasindikizanso onse, ndipo mpaka lero sinditseka fayilo ndisanawerenge mokweza mawu a bokosi lililonse kuchokera pachithunzi chomalizidwa, osati papepala langa.

Ngati zonsezi mwachita koma mzere wina ukukanabe, apo ndiye mutha kutsitsa zilembo, koma pang'ono, mwina kufika pa 32, ndipo m'mabokosi onse mofanana. Chifukwa chake ndi ichi. Chithunzi cha 1080 chikatsegulidwa pafoni wamba chimakhala chotambalala pafupifupi masentimita 6 ndi theka. Ndiye kuti 36 uja pagalasi la foni ndi mamilimita awiri ndi pang'ono chabe, pomwe 24 amene munayesa ndi osakwana milimita imodzi ndi theka. Onjezani kuti WhatsApp imafinya zithunzi, m'mphepete mwa zilembo n'kuchita chimbuuzi, komanso kuti ambiri olandira uthengawu mafoni awo ndi ang'ono, ena osweka galasi.

Mwanenanso kuti fayilo yomwe muli nayo ndi JPG, ndipo mukumata mabokosi atsopano pamwamba pa mawu akale. Lembani kwa amene anajambula mupemphe fayilo yosinthika, kaya ndi ya PSD, AI, INDD kapena ulalo wa Canva, pamodzi ndi mafonti ake. Kumata kumasiya mitundu iwiri yosiyana pang'ono, ndipo pafoni chigambacho chimaoneka. Ngati bungwe lanu limalemba Malaŵi ndi kadenga pa w, yesani chilembo chimenecho mu fonti iliyonse musanayambe, chifukwa mafonti ena okongoletsera alibe ndipo amangoika kabokosi kopanda kanthu.

Mukamaliza, dzitumizireni chithunzicho pa WhatsApp, mutuluke nacho panja padzuwa, mupatse mlonda wa pageti kapena mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi ofesi yanu, amene sanaone Chizungu chija. Musawauze kuti ndi za chiyani. Awerenge mokweza, inu muzimvetsera pomwe akukakamira ndi pomwe akufendeza foni kumaso, kenako muwafunse kuti bokosi la madzi likuwauza kuti achite chiyani. Akatchula kuwiritsa kokha osatchula mankhwala, mundilemberenso, tiuonenso mzere wachitatu uja.