Kodi ndisiye mkaka wa ng'ombe m'bizinesi yanga ya tiyi ndi makeke?

"Ndimagulitsa tiyi, khofi ndi makeke, ndipo makasitomala ena amati mkaka wa ng'ombe umawapweteketsa m'mimba. Ndikuganiza zoyamba kupanga ndekha mkaka wa soya, kapena kumagula wa oti, wa mpunga kapena wa kokonati. Kodi ndingawauze kuti mkakawu ndi wofanana ndi wa ng'ombe, ndipo kodi suwononga zophika zanga?"

Mayi, pa mitundu ya mkaka wochokera ku zomera imene mwatchulayi, wa soya wokha ndiwo umayandikira wa ng'ombe pa mapuloteni, ndipo ngakhale umenewo sufika pa kashiamu pokhapokha ngati opanga anamuthiramo. Choncho mawu akuti "wofanana" musawatchule pamaso pa kasitomala, chifukwa bizinesi yaing'ono imadalira kuti anthu azikhulupirira zimene mwini wake wanena.

Mkaka wa ng'ombe umakhala ndi magalamu pafupifupi 33 a mapuloteni pa lita imodzi. Wa soya wopangidwa bwino umakhala ndi magalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono, wa oti pafupifupi 10, pamene wa mpunga ndi wa kokonati wakumwa wa m'mapaketi kawirikawiri sufika pa magalamu 5. Kwa munthu wamalonda, tanthauzo lake ndi lakuti ngati lita ya mkaka wa oti mwaigula pamtengo wofanana ndi lita ya wa ng'ombe, galamu iliyonse ya mapuloteni mwailipirira katatu. Zimenezi sizilakwika ngati kasitomala akungofuna kakomedwe ka oti, koma mudziwe kuti mukugulitsa kakomedwe, osati chakudya chomanga thupi.

Popeza mukufuna kupanga nokha wa soya, tiyeni tiwerengere bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Kilogalamu imodzi ya soya wouma imakhala ndi magalamu pafupifupi 360 a mapuloteni. Mukaiviika usiku wonse, n'kuipera, n'kusefa kuti mutuluke malita 8, ndiye kuti ngakhale mapuloteni onse akanalowa mumkaka, lita iliyonse ikanakhala ndi magalamu 45. Koma ena amatsalira m'zotsalira za m'nsalu yosefera, n'chifukwa chake mkakawo umathera kufupi ndi muyezo wa mkaka wa ng'ombe. Chiyeso chimabwera pofuna kuwonjezera phindu: mukathira madzi ambiri kuti kilogalamu yomweyo itulutse malita 16, mapuloteni sangapitirire magalamu 22 ndi theka pa lita, ndipo kwenikweni adzakhala ochepa kuposa pamenepo. Mkaka wotero umaoneka wotuwa mutiyi, kasitomala amapempha kuti mumuwonjezere, ndipo zimene munasunga pothira madzi zimabwerera m'kapu yomweyo. Powerengera mtengo wa lita imodzi musaiwalenso moto ndi nthawi yanu, popeza mkaka wa soya uyenera kuwira mphindi 15 kapena 20 kuti zinthu za mu soya wamuwisi zimene zimasokoneza kugaya chakudya zithe mphamvu. Umafufuma thovu usanawire kwenikweni, ndipo amene amaphula ataona thovu loyambalo amagulitsa mkaka wonunkha uwisi, umene umavutitsa m'mimba anthu omwewo amene ankafuna kuwathandiza.

Pa kashiamu kusiyana n'kwakukulu kwambiri. Kapu ya mamililita 250 ya mkaka wa ng'ombe imapatsa munthu mamiligalamu pafupifupi 300, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 patsiku. Kapu yomweyo ya mkaka wa soya wopangira pakhomo kawirikawiri siifika pa mamiligalamu 80. Mkaka wa m'mapaketi wochokera ku zomera umafika pa mamiligalamu 120 pa mamililita 100 aliwonse, mofanana ndi wa ng'ombe, kokha ngati mafakitale athiramo mchere wa kashiamu, ndipo zimenezi zimalembedwa papaketi pomwe. Werengani musanagule, chifukwa si mapaketi onse amene ali naye. Mcherewo umadikha pansi, motero ngati wantchito wanu sakhutchumula paketi asanathire, makasitomala oyamba amamwa mkaka wopanda kashiamu wokwanira ndipo wotsalayo amapita kudzala limodzi ndi paketi. Mukadula paketi yotere mudzaona phala loyera litamatirira pansi pake.

Mwina mungaganize zogula kashiamu kuti muzithira nokha. Sindikulimbikitsa zimenezo, chifukwa mchere wina wa kashiamu ndi umene amagwiritsa ntchito poundanitsa mkaka wa soya wotentha kuti apange chakudya cholimba cha soya chotchedwa tofu, ndipo mukhoza kutaya mphika wonse m'kanthawi kochepa.

Khalidwe lomwelo la kuundana ndi limene lidzakuvuteni pakhofi. Mapuloteni a soya amagwirana n'kupanga timibulu akakumana ndi asidi pamodzi ndi kutentha, ndipo khofi ali ndi zonse ziwiri. Mukathira mkaka wozizira mukhofi wongophula kumene, mudzaona tinthu toyera tikuyandama pamwamba, ndipo kasitomala adzaganiza kuti mwamupatsa mkaka wosasa ngakhale uli wabwinobwino. Njira yake ndi kufunditsa mkakawo popanda kuuwiritsa, kuuthira m'kapu poyamba, kenako n'kuthira khofi pang'onopang'ono atazizirako, uku mukutakasa. Tiyi alibe asidi wambiri ngati khofi, choncho savuta kwenikweni.

M'makeke, soya amagwira ntchito bwino, ndipo mukhoza kumuika pamuyezo womwewo wa mkaka wa ng'ombe. Ngakhale pamene njira yanu yophikira imafuna mkaka wowawasa kuti soda afufumitse, supuni yaikulu ya viniga kapena madzi a mandimu m'kapu ya mkaka wa soya imaulimbitsa monga imachitira ndi wa ng'ombe. Mkaka wa mpunga suchita zimenezo popeza ulibe mapuloteni oti agwirane, ndipo keke yake imakonda kutuluka yotuwa pamwamba, chifukwa kufiira kokongola kuja kumabwera pamene mapuloteni ndi shuga zakumana pamoto. Wa oti wopangira pakhomo uli ndi sitachi yambiri, motero ukatenthedwa umalimba n'kuyamba kunanda, pamene wa m'mafakitale amauphwanyiratu sitachiyo kukhala shuga, n'chifukwa chake umatsekemera ndipo mungafunike kuchepetsako shuga m'keke. Wa kokonati wa m'zitini ndi chinthu china: mafuta ake amaposa a mkaka wa ng'ombe kangapo, ndipo fungo lake limamveka m'chilichonse chimene mwaphika.

Malangizo anga ndi akuti musasiye mkaka wa ng'ombe, koma muwonjezere wa soya ngati chinthu choti kasitomala asankhe yekha. Phikani makeke awiri ndi ufa, mazira ndi moto wofanana, musinthe mkaka wokha, ndipo muyerekeze msinkhu, mtundu ndi kufewa kwake tsiku lotsatira. Pangani mkaka wokwanira tsiku limodzi, chifukwa wa pakhomo umawonongeka msanga ngati mulibe firiji. Pachikwangwani lembani momveka kuti muli soya, popeza alipo anthu amene thupi lawo limadana naye, ndipo mayi wa khanda akafunsa, muuzeni kuti mkaka umenewu sulowa m'malo mwa wa m'mawere kapena wa makanda wa m'zitini. Pakatha mwezi, kaundula wanu wa malonda adzakuuzani kuchuluka kwa makapu a soya amene agulidwa ndi malita amene mwataya, ndipo pamenepo mudzadziwa kuchuluka koyenera kupanga.