Lizi ya galimoto ku Britain: £295 pamwezi si mtengo wonse

"Achimwene, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leicester, ndipo ndimayenda mamailosi pafupifupi 60 patsiku, masiku 5 pasabata. Galimoto yanga yatopa. Andiuza za lizi ya galimoto yatsopano: £295 pamwezi kwa zaka 3, poyamba ndilipire miyezi 9, mamailosi 8,000 pachaka, ndipo opyola pamenepo ndi mapeni 12 pa mailosi. Mnzanga akuti pobweza adzanditchaja ngakhale pokalika pang'ono. Ndisaine?"

Achemwali, pepala limenelo monga lililimu musasaine. Vuto lalikulu lili pa 8,000 ija, ndipo ndikuonetsani ndi masamu. Koma tiyambe ndi kumvetsa chimene mukugula, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepo.

Pa lizi yotere, imene pamapepala amalemba kuti PCH, galimoto si yanu ndipo sidzakhala yanu. Mwini wake ndi kampani. Inu mukulipira kutsika mtengo kwa galimotoyo pa nthawi imene ili m'manja mwanu. Kampani imayamba yadzifunsa kuti: galimotoyi tikaigula lero, pakatha zaka 3, itayenda mamailosi akutiakuti, tidzaigulitsa zingati? Yankho lake ndilo mtengo wotsala, ndipo ndiwo msana wa mgwirizano wonse, ngakhale kuti pa PCH nthawi zambiri simuuona utalembedwa paliponse.

Tiyerekeze kuti galimotoyo kampani yaigula pa £24,000 ndipo ikuyembekeza kudzaigulitsa pa £13,200. Ndalama imene yasungunuka pakatipa ndi £10,800, ndipo imeneyi ndi yanu kulipira. Tsopano onani zimene akukupemphani. Miyezi 9 yoyamba ija ndi £2,655. Kenako mulipira £295 kwa miyezi 35, yomwe ndi £10,325. Zonse pamodzi £12,980. Mukachotsa £10,800, ndalama yotsalayo, £2,180, ndi ya chiwongoladzanja, phindu la kampani ndi msonkho wa pamsewu, umene kawirikawiri amauphatikiza momwemo. Mukagawa £12,980 pa miyezi 36, mupeza kuti galimotoyi ikukudyerani pafupifupi £361 pamwezi, osati £295.

Ndipo chonde, £2,655 ija musaitche dipoziti mumtima mwanu. Ambiri a ife tikamva ndalama yolipira poyamba timakumbukira ya nyumba ya lendi, imene umaitenganso potuluka. Iyi sibwerera. Ndi lendi yolipiriratu basi, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa nambala ya pamwezi kuti ioneke yokoma pa chikwangwani. Poyerekeza malizi awiri, nthawi zonse wonkhetsani ndalama zonse n'kugawa pa miyezi yonse.

Tsopano mamailosi. Galimoto imene yayenda 24,000 ndi imene yayenda 48,000 sizigulitsidwa mtengo umodzi, ngakhale zitatuluka m'fakitale tsiku limodzi. N'chifukwa chake kampani imaika malire. Mtengo wotsala wa £13,200 uja waikidwa pokhulupirira kuti mudzabweza galimoto itayenda 24,000 pa zaka zitatuzo. Mukapyola, mwaidyera kampani mtengo wotsalawo, ndipo imadzabweza ndalama yake pokutchajani mailosi iliyonse yopyola.

Mamailosi 60 patsiku kwa masiku 5 ndi 300 pasabata. Tichotse masabata a tchuthi ndi masiku odwala, titsale ndi masabata 46: ndi 13,800 pachaka, ya ntchito yokha. Simunapite kutchalitchi, simunakagule zinthu, simunakaone abale ku Manchester kapena kukasiya munthu ku bwalo la ndege ku Heathrow. Tiikepo 2,200 ya maulendo amenewa, tifike 16,000 pachaka. Pa zaka 3 ndi 48,000. Malire anu ndi 24,000, ndiye kuti mudzapyola ndi 24,000 ina. Pa mapeni 12, bilu yake ndi £2,880. Funsaninso ngati mapeni 12 amenewo aphatikizamo kale msonkho wa VAT, chifukwa makampani ena amaulemba padera. Ngati sanaphatikize, onjezani 20 peresenti: biluyo ifika £3,456. Imabwera nthawi imodzi, galimoto itapita kale, nthawi imene mukufunanso ndalama yoyambira galimoto ina. Mukaigawa pa miyezi 36 ndi £96 pamwezi, choncho mtengo weniweni wa galimotoyi kwa inu uli pafupi ndi £457.

Izi zimandipweteka chifukwa amene amagwera mu dzenje limeneli nthawi zambiri ndi anthu athu a ntchito ngati yanuyi, amene galimoto ndiyo khasu lawo. Wogulitsa sananame. Mtengo wa pa chikwangwani amauwerengera pa mamailosi ochepa kuti uoneke wotsika, ndipo munthu wotopa ndi galimoto yofafa m'mawa uliwonse sakhala ndi mtima wowerenga tizilembo ting'onoting'ono.

Chochita n'chapafupi. Apempheni akupatseni mtengo wa galimoto yomweyo pa 16,000 pachaka. Tinene kuti akuuzani £350 pamwezi. Ndalama zonse zikhala £350 kuchulukitsa ndi 44, yomwe ndi £15,400, kusiyana ndi £12,980 ija ndi £2,420. Pamenepo mwapulumutsa ndalama yoposa £1,000 poyerekeza ndi bilu ya £3,456, ndiponso mukulipira pang'onopang'ono. Nthawi zambiri kugula mamailosi poyamba kumatsika mtengo kuposa kudzalipira pamapeto, koma musangokhulupirira mawu anga, chitani masamuwo ndi nambala zimene akupatseni. Musakokomezenso, chifukwa mamailosi amene mwalipira koma simunayende kawirikawiri sakubwezerani ndalama yake. Kuti mupeze nambala yoona, onani mbiri ya MOT ya galimoto yanu yakaleyo pa gov.uk. Chaka chilichonse amalembapo mamailosi, ndiye muchotsere ya chaka chatha pa ya chaka chino. Nambala imeneyo sinama monga amachitira maganizo athu.

Malirewa amawerengera pa mgwirizano wonse, tsiku lobweza. Mukayenda kwambiri chaka choyamba koma pang'ono chaka chachitatu, palibe mlandu bola zonse pamodzi zisapyole. Mukaona pakati pa ulendo kuti mupyola, imbirani kampani msanga. Ambiri amalola kusintha malire n'kukweza ndalama ya pamwezi, koma sakakamizidwa, ndipo kumapeto kwenikweni amakana.

Za mnzanuyo, wanena zoona pang'ono chabe. Palibe amene amayembekeza kuti galimoto ya zaka 3 ibwerere ngati yatsopano. Makampani ambiri a lizi ku Britain ali m'bungwe la BVRLA, ndipo bungweli lili ndi kabuku kofotokoza kutha kwa galimoto kovomerezeka ndi kuwonongeka kolipiritsa. Muyezo wake ndi wa mamilimita. Pokalika posapyola mamilimita 25 m'litali n'povomerezeka, malinga pasaoneke chitsulo kapena penti yapansi. Pobonyoka pang'ono, posapyola mamilimita 15, amakhululuka ngati penti sinasweke ndipo malo otero sakupyola awiri pa chitseko kapena chigawo chimodzi, koma padenga salola. Matayala akhale ndi mano osachepera mamilimita 1.6, monga lamulo la pamsewu linenera, ndipo asang'ambike m'mbali. Mipando yong'ambika, yopsa ndi fodya kapena yothimbirira amatchaja. Galasi lakutsogolo losweka amatchaja. Pemphani kabukuka kwa kampani tsiku losaina, chifukwa miyezo imasinthidwa nthawi ndi nthawi ndipo yogwira ntchito ndi imene kampani yanu ikutsata.

Pa ntchito yanuyi chimene ndikuopa kwambiri ndi malimu. Munthu woima pakhomo khumi kapena kuposa patsiku, m'timisewu topanikiza, mothamangira nthawi, amakhula limu pa simenti ya m'mphepete mwa msewu ngakhale ali dalaivala wosamala. Ine zinandichitikira. Nditabweza galimoto yanga yoyamba ya lizi, bilu inabwera ya malimu awiri ndi kiyi yachiwiri imene inasowa posamuka nyumba. Kiyiyo sindinatsutse. Koma limu imodzi ndinali ndi chithunzi chake cha tsiku lobweza, nditaikapo lula pambali, ndipo pokalikapo panali pang'ono kwambiri. Nditatumiza chithunzicho anaichotsa pa bilu. Chipanda chithunzi, ndikanalipira zonse.

Ndiye muchite izi. Tsiku limene galimoto yafika, ijambuleni mbali zonse, ndi nambala ya mamailosi pa dashibodi. Kiyi yachiwiri ndi mabuku a galimoto muziike malo amodzi osasuntha. Sevisi muzichita pa nthawi yake, ku galaja yovomerezeka ndi kampani, ndipo muzisunga umboni wake, poti sevisi yodumphidwa nayo amalipiritsa. Patsala masabata 10 kapena 12 kuti mubweze, tsukani galimotoyo, iume, muiyendere masana kukuwala, lula ili m'manja. Popyola muyezo funsani mtengo kwa okonza odziwa ntchito, muyerekeze ndi mitengo imene kampani imatchaja. Nthawi zina kukonzetsa nokha n'kotchipa, nthawi zina ayi, ndipo kukonza kosalongosoka, penti yosiyana mtundu, amatchajanso. Tsiku lobweza mukhalepo. Wodzatenga galimoto amalemba zonse zimene waona n'kukupatsani kuti musaine. Werengani musanasaine, ndipo pamene simukugwirizana napo lembani pomwepo. Bilu ikabwera yosamveka, pemphani zithunzi zawo, dandaulani kwa kampani polemba, ndipo zikakanika BVRLA ili ndi njira yoweruzira mikangano ya mamembala ake kwaulere.

Pali zina ziwiri zimene simunafunse koma sindingazisiye. Choyamba, kutuluka msanga. Lizi ya PCH ndi yovuta kuithetsa pakati. Makampani ambiri amafuna gawo lalikulu la ndalama zotsala, kawirikawiri pafupifupi theka. Mwina munamva kuti lamulo limalola kubweza galimoto ukalipira theka la ngongole. Ufulu umenewo uli mu Consumer Credit Act ya 1974, koma ndi wa ogula galimoto pangongole, monga PCP, osati wa lizi ngati yanuyi. Choncho ngati chiphaso chanu chokhalira m'dziko muno chimangiriridwa kwa abwana anu, kapena chikutha zaka 3 zisanakwane, ganizani bwino, mwina mufunse lizi ya zaka 2. Chachiwiri, inshuwaransi ndi yanu kulipira, iyenera kukhala yokwanira zonse, ndipo iyenera kunena kuti galimoto mumaigwiritsa ntchito poyendera makasitomala. Inshuwaransi yongopita ndi kubwera kuntchito malo amodzi sikwanira munthu woyenda khomo ndi khomo.

Maganizo anga ndi akuti pa mamailosi 16,000 pachaka muyambe mwaonanso galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, ya zaka zitatu kapena zinayi, imene kutsika mtengo kwake kwakukulu analipira kale munthu wina, ndipo limu yake ikakalika palibe wokulemberani bilu. Koma ngati mtima wanu uli pa yatsopano, yokhala ndi chitsimikizo cha fakitale kuti isakusiyeni panjira m'mawa wachisanu agogo akukudikirani, chifukwa chimenecho n'chomveka. Bwererani kwa wogulitsayo ndi mafunso atatu: mtengo pa 16,000 pachaka, mapeni a mailosi yopyola ataphatikiza VAT, ndi ndalama imene mungalipire mutafuna kutuluka pakatha miyezi 18. Akuyankheni polemba, ndipo mukalandira munditumizire tiwerengere limodzi.